Sefa zitatu za Gmail, ndi momwe invoisi inasowera mu foda ya nkhani

Bokosi la imelo limene ndikunena pano ndi la shopu yogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a m'munda pa boma la Kasungu. Mumalowa zinthu za mitundu itatu zimene makina ndiwo amatumiza: makalata a nkhani ndi mitengo ochokera kwa ogulitsa katundu a ku Lilongwe, malisiti ndi mainvoisi, ndiponso zidziwitso za ku banki, za Facebook ndi za Google yemwe. Makalata olembedwa ndi munthu weniweni, monga wapampando wa kalabu ya alimi ya ku Santhe kapena ku Chamama wofunsa mtengo wa matumba makumi anayi, ndi ochepa kwambiri, ndipo ndi amene ankamira pansi pa zinazo. Ndinakonza sefa zitatu kuti zosankhazo zizichitika zokha. Ulendo woyamba ndinalakwitsa, choncho ndifotokoza njira yolondolayo pamodzi ndi pamene pali dzenje.

Sefa sizikonzedwa mu pulogalamu ya Gmail ya pa foni. Musataye nthawi kuzifunafuna mmenemo, mulibe. Pamafunika kompyuta, kapena kutsegula Gmail mu Chrome pa foni n'kuchonga "Desktop site". Njira yachiwiriyi imatheka, koma zilembo zimakhala ngati nyerere ndipo chala chimadina posayenera. Bola kubwereka laputopu kwa ola limodzi. Mukakonza kamodzi, sefa zimakhala kwa Google, zimagwira ntchito ngakhale magetsi athime kapena bandulo ithe, ndipo zotsatira zake zimaonekanso pa foni.

China choyenera kumvetsa musanakhudze chilichonse n'chakuti Gmail ilibe mafoda enieni. Ili ndi malebulo. Kalata imodzi itha kumatidwa malebulo awiri kapena atatu, monga thumba la soya limene lalembedwa dzina la mlimi komanso la kalabu. Ngakhale Inbox ndi lebulo chabe. Ndiye kuti kalata ioneke ngati yasamukira mu foda, pafunika zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuimata lebulo, ndi kuichotsa mu Inbox. Mukachita choyamba chokha, kalata imakhalabe mu Inbox itavala lebulo lake. Anthu ambiri amaimira pomwepa n'kumati sefa sikugwira.

Malebulo atatuwo ndinawatcha Malisiti, Nkhani ndi Zidziwitso. Amapangidwa kumanzere kwa sikirini, pa kachizindikiro ka + pafupi ndi mawu oti "Labels". Mayina Achichewa sasokoneza chilichonse.

Tsopano lamulo limene linandipulumutsa pambuyo pake: sefa iliyonse iyambe ngati kufufuza wamba. Mawu amene mukufuna kuika mu sefa, alembeni kaye m'bokosi lofufuzira pamwamba paja, muone makalata amene atuluke, ndipo muwerenge mayina a otumiza mpaka masamba awiri kapena atatu. Chimene kufufuzako kwakola ndi chomwecho chimene sefa idzakole. Ngati pakati pawo pali kalata ya kasitomala, mawu anu sanapse. Zikakhala bwino, dinani kachizindikiro ka kumanja kwa bokosilo, "Show search options", kenaka "Create filter".

Yambani ndi malisiti, chifukwa ndi amene amapweteka akasowa. Ine ndinatsegula malisiti akale a miyezi itatu n'kulemba papepala maadiresi enieni amene amatumiza. Sindinalembe dzina limene limaoneka ndi zilembo zikuluzikulu, koma adiresi imene ili pakati pa zizindikiro za < ndi >. Anapezeka anayi okha: banki, ogulitsa mbewu, ogulitsa mankhwala, ndi kampani ya intaneti. Maadiresi ali m'munsiwa ndi ongoyerekeza, inu muike anu.

```
from:(banki.example OR mbewu.example OR mankhwala.example OR intaneti.example) subject:(receipt OR receipts OR invoice OR statement OR payment)
```

Pali tinthu titatu pamzerewu timene timagwetsa anthu. OR amalembedwa ndi zilembo zazikulu. Mukalemba ndi zazing'ono, Gmail samutenga ngati lamulo. Mpata wa pakati pa gawo la from ndi gawo la subject ukutanthauza kuti zonse ziwiri zikwaniritsidwe, kotero kalata yotsatsa ngongole yochokera ku banki yomweyo sikodwa, popeza mutu wake ulibe mawu amenewo. Chachitatu, Gmail imafufuza mawu athunthu, osati zidutswa. Mukalemba inv simupeza invoice, ndipo kanyenyezi ka * sikathandiza monga kamachitira kwina. N'chifukwa chake ndinalemba receipt ndi receipts onse awiri m'malo mongodalira kuti makinawo amvetsa.

Pa tsamba lachiwiri la sefayi ndinachonga "Apply the label" n'kusankha Malisiti. "Skip the Inbox (Archive it)" sindinachonge, dala. Invoisi ndi ngongole imene ikudikira kulipidwa, ndipo ndimafuna ndiyione itangofika. Ndikalipira, ndimaidina "Archive" ndekha, imachoka mu Inbox n'kutsala mu Malisiti. Amene amangolandira malisiti a zinthu zolipira kale atha kuchonga kuti azidutsa Inbox, koma "Mark as read" musachonge pa malisiti ngakhale pang'ono. Kanambala kakuda kamene kamaoneka pafupi ndi lebulo ndi kokhako kamene kadzakuuzeni kuti mwafika chinthu chatsopano.

Pansi penipeni pali kabokosi ka "Also apply filter to matching conversations". Popanda kukachonga, sefa imagwira makalata obwera mtsogolo okha, akale onse amakhala pamene ali. Kachongeni pokhapokha mutayesa kale mawu anu pofufuza, chifukwa kamasuntha makalata mazanamazana kamodzin'kamodzi ndipo kuwabweza ndi ntchito ya manja.

Makalata a nkhani ndi pamene ndinagwa. Malangizo amene amamveka paliponse ndi oti mulembe liwu limodzi lokha, unsubscribe, mu "Has the words", chifukwa pafupifupi kalata iliyonse yotsatsa malonda imakhala nalo pansi pake. N'zoona ndithu, makamaka kuyambira 2024 pamene Google inayamba kukakamiza otumiza makalata ochuluka kuti azipereka njira yapafupi yolekera kulandira. Ndinachita zomwezo, ndinachonga Skip the Inbox ndi Mark as read, ndipo Inbox inayera ngati bwalo losesedwa. Vuto ndi lakuti mmodzi wa ogulitsa mbewu amatumiza zonse, mitengo ya sabata ndi mainvoisi omwe, kudzera m'pulogalamu imodzi ndi adiresi imodzi, ndipo pulogalamuyo imamata mzere wa unsubscribe pansi pa chilichonse. Invoisi ya mbewu ya chimanga inafika, sefa ya Malisiti inaimata lebulo lake bwinobwino, sefa ya Nkhani nayo inaikola, n'kuichotsa mu Inbox n'kuilemba kuti yawerengedwa. Panalibe kanambala kakuda paliponse. Ndinadziwa patapita sabata ziwiri, atandiimbira foni.

Gwero lake ndi ili. Mu Gmail, sefa zonse zimene zikugwirizana ndi kalata zimagwira ntchito pa kalatayo. Palibe yoti yoyamba ikagwira, zina zileke. Amene anazolowera Outlook amadziwa kabokosi ka "Stop processing more rules", kamene kamaimitsa malamulo otsatira; mu Gmail mulibe chotere. Ndipo ngati sefa imodzi yokha yanena kuti kalata idutse Inbox, imadutsadi, ngakhale ina itakhala chete pa nkhaniyo. Choncho simungateteze malisiti poika sefa yawo pamwamba pa mndandanda. Muyenera kuwachotsa ndi dzanja lanu m'kati mwa sefa zinazo, pogwiritsa ntchito kamzere ka - kamene kamatanthauza "kupatula".

```
unsubscribe -subject:(receipt OR receipts OR invoice OR statement OR payment OR order) -from:(banki.example)
```

Kamzereko kagundane ndi liwu lotsatira, pasakhale mpata. Mukasiya mpata, kupatulako sikuchitika, ndipo Gmail sikuchenjezani.

Chizindikiro choti muli ndi vuto ngati langali n'chosavuta kuona: kalata imodzi yovala malebulo awiri, Malisiti ndi Nkhani. Mutha kuwasaka onse otere ndi mzere uwu, ndipo ukabweza kanthu, sefa zanu zikulimbirana.

```
label:malisiti label:nkhani
```

Ngakhale mutapatula chotero, liwu la unsubscribe limakhalabe ukonde wa maso aang'ono, wokola ndi zosafunika zomwe. Mnzanu wa ku Nkhamenya akakutumizirani kalata ya mitengo imene iye analandira, n'kulemba pamwamba kuti "Achimwene, taonani DAP wakwera bwanji, tigule liti?", mzere wa unsubscribe umabwera nawo pansi pake, ndipo funso lakelo limakagona mu Nkhani. Njira yodalirika, ngakhale imadya nthawi, ndi kusefa ndi dzina la mndandanda umene kalatayo yachokera. Makalata ambiri otumizidwa kwa gulu amanyamula mzere wobisika wotchedwa List-ID. Kuti muuone, tsegulani kalata, dinani timadontho titatu ta kumanja kwake, sankhani "Show original", ndipo fufuzani mzerewo m'zolemba zimene zituluke. Chimene chili pamenepo ndicho mumaika pambuyo pa list:.

```
list:(mitengo.mbewu.example OR nkhani.ulimi.example)
```

Kalata yotumizidwa ndi mnzanu ilibe mzere umenewu, chifukwa yachoka m'bokosi lake osati ku mndandanda, ndiye imafika mu Inbox monga iyenera. Nthawi zambiri simufunikanso kukopera nokha: mukadina "Filter messages like this" pa kalata ya mndandanda, Gmail imadzaza yokha. Koma yang'anani invoisi ya wogulitsa yemweyo mu "Show original" musanakhulupirire. Ngati nayo ili ndi List-ID yofanana ndi ya mitengo, kupatula kwa -subject kuja kukufunikabe. Pano ndili ndi mindandanda isanu ndi iwiri mu sefa imodzi, ndipo sefa ya liwu la unsubscribe ndinaifufuta. Kalata yatsopano ya nkhani ikatulukira mu Inbox, ndimasankha chimodzi mwa ziwiri: kuiwonjezera pa mzerewo, kapena kudina "Unsubscribe" pafupi ndi dzina la wotumiza. Kunena zoona, theka la makalata amene anthu amawakonzera sefa ndi oyenera kungowaleka. Kusefa chinthu chimene simudzachiwerenga ndi kusunga madeya m'nkhokwe, ndipo malo aulere a 15 GB aja amagawidwa pakati pa Gmail, Google Drive ndi Google Photos. Akadzadza, makalata atsopano amaleka kulowa.

Pa sefa ya Nkhani, Skip the Inbox ndi Apply the label n'zokwanira. Ndinawonjezera "Never mark it as important" kuti Gmail isamaike kachizindikiro kachikasu pa zotsatsa malonda.

Zidziwitso zimaoneka zosavuta, chifukwa zambiri zimachokera ku maadiresi oyamba ndi noreply. Koma liwuli limalembedwa mosiyanasiyana, ndipo popeza Gmail imafuna mawu athunthu, muyenera kutchula mitundu yonse. Chovuta chenicheni n'chakuti m'gulu limeneli muli zinthu ziwiri zosafanana mpang'ono pomwe. Pali zopanda changu, monga zoti wina wakonda chithunzi cha shopu. Ndiye pali zimene zimafa m'mphindi zochepa kapena zimene zikukuchenjezani za wakuba: manambala otsimikizira polowa mu banki, uthenga woti wina walowa mu akaunti yanu pa foni yachilendo, uthenga woti pasiwedi yasinthidwa. Izi zikadutsa Inbox, foni silira, ndipo mudzakhala pa kauntala mukudikira nambala imene inafika kalekale n'kutha mphamvu.

```
from:(noreply OR no-reply OR donotreply OR notifications) -subject:(receipt OR receipts OR invoice OR statement OR payment OR code OR OTP OR password OR security OR verify OR verification)
```

Muona kuti mawu a malisiti aja abweranso muno, chifukwa malisiti ambiri nawo amachokera ku noreply. Kubwereza kumeneku n'kotopetsa, koma palibe njira yachidule. Ena amayesa kulemba -label:malisiti mu sefa pofuna kupewa kubwerezako. Gmail yokha imachenjeza kuti mawu ngati label:, in: ndi is: si oyenera mu sefa chifukwa sagwira pa makalata amene akungofika kumene. Pofufuza amagwira bwino, ndiye munthu amanyengeka poyesa, koma mu sefa musawadalire. Ndimasunga mndandanda wa mawu a malisiti mu kafayilo kamodzi, ndipo ndikawonjezera liwu ngati quotation, ndimalikonza m'sefa zonse zitatu tsiku lomwelo.

Malipiro a pa foni, a Airtel Money kapena Mpamba, amabwera ngati uthenga wa pa foni, choncho sefa za imelo sizikhudzana nawo. Ndatchula chifukwa ndafunsidwapo kangapo.

Mabokosi awiri pa tsamba lachiwiri lija amafuna kuwaopa. Loyamba ndi "Delete it". Kalata yofufutidwa ndi sefa imapita mu Trash mwakachetechete, ndipo pakatha masiku 30 imachoka osabwereranso. Kufufuza wamba sikuyang'ana mu Trash kapena mu Spam, ndiye mutha kusaka lisiti tsiku lonse osalipeza pamene lili pomwepo. Mukasowa kalata, yambani mawu anu ndi in:anywhere. Ine sindichonga Delete it pa sefa imene sinathe mwezi wathunthu ikungomata lebulo popanda kulakwitsa.

Lachiwiri ndi "Never send it to Spam". Limathandiza pamene mainvoisi a wogulitsa wina amagwera mu Spam kawirikawiri, koma from: imayang'ananso dzina looneka la wotumiza, osati adiresi yokha. Mukalemba dzina la banki yanu lokha n'kuchonga bokosi limeneli, wakuba aliyense amene wadzipatsa dzina limenelo amadutsa mlonda, ndipo kalata yake imakalowa mu Malisiti itavala lebulo limene inu mumalikhulupirira. Ngati mukulifunadi, lembani adiresi yonse, kuyambira kumayambiriro mpaka kumapeto, ndipo ikhale sefa yapayokha ya wotumiza mmodziyo. Ngakhale apo, invoisi ikanena kuti nambala ya akaunti yolipirako yasintha, imbani foni kaye pa nambala imene munali nayo kale.

Kwa ogulitsa atsopano pali njira ina yoyera kuposa zonsezi. Gmail imalola kuwonjezera + ndi liwu lililonse pa dzina lanu, ndipo kalata imafikabe m'bokosi lomwelo. Ngati adiresi ndi shopu@gmail.com, mutha kupatsa wogulitsa shopu+malisiti@gmail.com kuti azitumizako mainvoisi, ndipo polembetsa makalata a nkhani muzilemba shopu+nkhani@gmail.com. Sefa yake ndi mzere umodzi, wosadalira mutu wa kalata kapena Chingerezi cha wotumiza.

```
to:shopu+malisiti@gmail.com
```

Malire ake alipo. Mafomu ena a pa intaneti amakana chizindikiro cha +, ndipo kalaliki wokopera adiresi kuchokera papepala nthawi zina amachisiya poganiza kuti mwalakwitsa. Komanso sikonza makalata a anthu amene ali kale ndi adiresi yanu yakale, ndiye imayenda limodzi ndi sefa zitatu zija, osati m'malo mwake.

Mukamaliza pa kompyuta, patsala ntchito ya pa foni, imene ambiri amaiwala. Pulogalamu ya Gmail pa Android imalira pa makalata a mu Inbox, osati a m'malebulo odutsa Inbox. Ngati mwasankha kuti malisiti azidutsa Inbox koma mukufunabe kumva akafika, lowani mu "Settings", sankhani akaunti, kenaka "Manage labels", dinani Malisiti, tsegulani "Sync messages" n'kuchonga "Label notifications". Pa Nkhani siyani zonse zili zotseka, bandulo isathere kutsitsa zithunzi za mathirakitala. Pa kompyuta, mu "Settings" pansi pa "Labels", ikani Nkhani ndi Zidziwitso pa "show if unread", kuti azioneka kumanzere pokhapokha muli chatsopano.

Nthawi zina kalata imene mukudziwa kuti inasefedwa imatulukiranso mu Inbox, ndipo munthu amaganiza kuti sefa yafa. Kawirikawiri si choncho. Gmail imamanga makalata a mutu umodzi kukhala mtolo umodzi. Ngati munayankha chidziwitso china, ndiye munthu wa ku kampaniyo n'kukuyankhani kuchokera pa adiresi yake, yankho lakelo siligwirizana ndi sefa, limalowa mu Inbox, ndipo limakoka mtolo wonse. Zimenezi n'zabwino, musazikonze. Sefa yafadi ngati makalata atsopano a wotumiza yemwe uja ayamba kufika opanda lebulo konse. Apo tsegulani imodzi muyerekeze adiresi yake ndi imene ili mu sefa. Makampani amasintha pulogalamu yotumizira, adiresi n'kusinthanso, kapena mutu umene unali "Invoice" n'kusanduka "INV20418" wopanda liwu lililonse limene munalemba. Zikatero kwa wotumiza amene amangotumiza mainvoisi okha, chotsani gawo la subject kwa iyeyo muike has:attachment filename:pdf m'malo mwake.

Nditakonza vuto la invoisi lija, kwa sabata ziwiri ndinkatsegula Nkhani ndi Zidziwitso madzulo aliwonse ndikatseka shopu, kungoyendetsa maso pa mayina a otumiza. Ndinapeza zosokera zitatu: kalata ya mnzanga ija, chidziwitso cha banki choti malipiro ena abwezedwa chimene mutu wake unali ndi liwu la reversal, ndi kwotesheni ya mankhwala. Chilichonse mwa ziwiri zomalizazo chinawonjezera liwu limodzi pa mndandanda wa zopatula. Sefa zimakonzedwa pa "Settings", "See all settings", "Filters and Blocked Addresses", pomwe iliyonse ili ndi "edit" pambali pake. Pa tsamba lomwelo, zikakhazikika, chongani zonse n'kudina "Export". Mumalandira fayilo ya mailFilters.xml, imene mutha kuilowetsa ndi "Import filters" m'bokosi lina, monga la nthambi yatsopano, popanda kulembanso mzere uliwonse. Musanailowetse, itseguleni musinthe maadiresi a + aja, chifukwa amanyamula dzina la bokosi lakale.